Mwawerenga m pamene pali r ndi n: chikwangwanicho chingakonzeke

"Abale thandizeni. Telala wina ananditumizira chithunzi cha logo yake pa WhatsApp kuti ndimulembere dzina la shopu m'Chiarabu pa chikwangwani. Zilembo zake ndi zopotanapotana zija. Ine ndinawerenga modem tailors, ndalemba مودم تايلورز, ndadula sitika, ndamata. Lero akuti ndi modern tailors, ndalama sapereka. Ndiyambirenso zonse? Nanga zilembo zokongoletsa zimenezi mumaziwerenga bwanji inu?"

Achimwene, musathamangire kuchotsa zonse, mwalakwa pamalo pabwino. Yang'anani mawu oyambawo, kuchokera kumanja: مودم. M'Chiarabu muli zilembo 6 zimene sizigwirana ndi chilembo chobwera pambuyo pake, ndipo ndi izi: ا د ذ ر ز و. Chilembo د ndi chimodzi mwa izo, n'chifukwa chake م yomalizayo yaima payokha, sinagwire kanthu. Ndiye poti ndi sitika yodula, itenthetseni pang'ono ndi chowumitsira tsitsi, muimatule ndi nsonga ya mpeni, pamalopo muikepo ر ndi ن kuti pakhale مودرن. Nazonso ziwirizi ziima chilichonse pachokha, palibe mzere woti mulumikize. Vuto ndi malo basi. Zilembo ziwiri zimadya danga loposa chimodzi, ndiye yezani kaye pa kompyuta ndi fonti yomweyo ndi saizi yomweyo. Mukaona kuti ن ikukhudza mawu achiwiri, dulaninso mawu achiwiriwo muwasunthire kumanzere. Zikanakhala kuti munasindikiza pa bana, apo ndiye ndikanati pepani, lowani m'thumba.

Koma musanadule kalikonse, afunseni atelalawo chimene akufuna. مودرن تايلورز ndi Chingerezi chovala zilembo za Chiarabu: munthu woti sadziwa Chingerezi atchula bwinobwino koma sadziwa kuti m'katimo amasoka zovala. Ngati cholinga ndi chakuti wodutsa amve ntchito yake, pafunika kumasulira tanthauzo, monga الخياطة العصرية, kutanthauza usoki wamakono. Ine ndimakonda kusiya dzina mmene limamvekera, n'kuika tanthauzolo pansi ndi zilembo zazing'ono. Dzina la munthu silimasuliridwa, ngakhale la shopu.

Tsopano za kawerengedwe. Chimene chinakupusitsani n'chakuti r ndi n zikayandikana zimakhala ndi miyendo itatu, chimodzimodzi m. Kuwerenga miyendo sikuthandiza. Yang'anani pamwamba, pamene mwendo woyamba ukukumana ndi wachiwiri. Pa m yeniyeni, mzere umakwera, n'kupinda ngati msana wa kamba, n'kutsika kukhala mwendo wachiwiri osaduka. Pa r, kamkono kake kamathera m'malere, nthawi zambiri ndi kadontho kapena kambedza, ndipo n imayamba ndi kamutu kakekake. M'mafonti otsanzira kulemba pamanja kampata kameneka n'kochepa zedi, ndipo WhatsApp ikafinya chithunzi, kamatsekeka. Muziwauza makasitomala atumize ngati Document, osati ngati chithunzi wamba.

Komanso mboni inali pomwepo. Mawuwo akuyamba ndi m. Mukanaidula pa kompyuta n'kuiika pamwamba pa chija chakumapeto, mukanaona kuti sizikulingana. Mufonti imodzi chilembo chimabwera ndi nkhope yomweyo pena paliponse, kupatula mafonti ena amene amachipatsa mchira chikakhala kumapeto. Chizolowezi changa ndi chimenecho: chilembo chikandikayikitsa, ndimasaka mbale wake pa posita yomweyo. Zina zokonda kunamiza ndi c ndi l zikagundana n'kuoneka ngati d, moti clear amasanduka dear. Pa zilembo zakuda zachikale zija za pa masatifiketi ndi pa mabotolo a mowa wa ku Germany pali s yaitali, ſ, imene aliyense amaiyesa f. Kusiyana kwake n'kwakuti f ili ndi kamzere kodutsa mbali zonse ziwiri, pamene ſ ili ndi kachotupa kumanzere kokha, kapena ilibe n'komwe.

Ndipo musadzione ngati mbuli. Kampani ya magalimoto ya Kia itasintha logo yake mu January 2021, inalumikiza zilembo zonse n'kuchotsa kamzere kapakati pa A, anthu ambiri n'kumawerenga KN. Taonani mmene zimakhalira zikalowa m'Chiarabu. Dzina lenileni ndi كيا, pamene wowerenga KN alemba كي إن. Onse awiri ayamba ndi كي, onse akuoneka aukhondo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'Chingerezi kulakwitsako ndi kamzere kamodzi, aliyense woyang'anitsitsa akhoza kukaona. Mukangosamutsira m'Chiarabu, phazi lafufutika. Ngakhale mutapita kwa ashehe odziwa Chiarabu kwambiri, مودم adzakuuzani kuti yalembedwa bwino, chifukwa ndi mawu enieni, Aarabu amatchula choncho kachipangizo ka intaneti kaja. Sangalote kuti telala sagulitsa zimenezo pokhapokha aone shopuyo.

Chiarabu chimawonjezeranso chifunga china. Zilembo zake 28 zilibe P, V kapena G yathu ija ya "galu". P amailemba ndi ب, V ndi ف, ndipo G ena amalemba ج, makamaka ku Egypt, ena غ, ena ق. Mavawelo aafupi salembedwa kawirikawiri. Tengani D ya pa logo ya Disney, imene ana ambiri amaiona ngati G yotembenuka, ndi y yake yooneka ngati p. Dzinalo ndi ديزني. Wolakwitsa kuwerenga angatulutse جيزنيب, ndipo kuchokera pamenepo palibe angabwerere n'kudziwa ngati chilembo choyamba chinali G kapena J, chomaliza P kapena B. Ndiye kulakwa kumagwidwa musanawoloke, osati kutsidya.

Ine masiku ano sinditsegula n'komwe kiyibodi ya Chiarabu ndisanaone dzinalo m'zilembo wamba. Ndimapempha lisiti, chidindo, kapena satifiketi yolembetsera bizinesi. Zikasowa, ndimalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu, MODERN TAILORS, n'kutumiza kuti mwiniwake ayankhe kuti eya. Zilembo zikuluzikulu n'zadala, chifukwa RN ndi M sizifanana ngakhale pang'ono. Kenako ndimati anditumizire mawu akutchula dzinalo ndi pakamwa pake, poti Chiarabu chitsata kamvekedwe, osati sipelo. Ndinaphunzira movutika: ndinalembapo dzina la malo ena odyera potsata maso anga okha, mayi mwiniwake anangoti "limeneli si dzina langa", bana yonse inakathera kufolera khola la nkhuku.

Mukamaliza kulemba, pezani munthu wowerenga Chiarabu, kaya mwalimu wa ku madarasa, awerenge mokweza asanaone logo, atelalawo ali pomwepo akumva. Akamva dzina lawo, dulani. Ndipo poti mukukonzanso, onetsetsani kuti pulogalamu yanu sinamwaze zilembo, chifukwa m'mapulogalamu ena mukamata mawu a Chiarabu amatuluka chilembo chilichonse pachokha, kuyambira kumanzere. Pa مودرن n'zovuta kuzindikira poti zambiri zimaima pazokha kale, ndiye yang'anani م yoyambayo: ikhale kumanja kwenikweni ndipo igwirane ndi و. Zikakhala bwino, ngati muli pa CorelDRAW dinani Ctrl+Q kuti mawuwo asanduke mizere musanatumize ku makina odulira.