Za malikisi a chimangirizo chija

"Alamu, inu ndinu aphunzitsi, tandiuzeni. Mwanayu pa moko walemba chimangirizo masamba atatu athunthu, Chichewa chake chabwinobwino, koma amupatsa 19 pa 40. Mnzake walemba tsamba limodzi ndi theka wapeza 29. Kodi sanamukondere ameneyu?"

Eee alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Chitakale? Ndaona zithunzi za pepala lija mwatumiza pagulu pano, ndawerenga lonse mpaka kumapeto. Ndikujambula mawu chifukwa kulemba zonsezi pafoni kungandichedwetse. Ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti amene anachonga sanamulakwire mwanayu. Ine ndikanachonga ndikanamupatsa 19 yomweyo, mwina 20, koma osapitirira apo.

Pochonga chimangirizo sitiwerenga masamba ayi. Timayang'ana zinthu zitatu payokhapayokha: mfundo zimene wanena, mmene wazisanjira, ndi chiyankhulo chimene wagwiritsa ntchito. Mukaona pakona ya tsamba lomaliza pali manambala atatu olembedwa ndi cholembera chofiira, 8, 4 ndi 7. Aphunzitsi akewo anagawa malikisi 40 aja motere: mfundo 20, kasanjidwe 8, chiyankhulo 12. Ndiye onani nokha pamene pataika malikisi ambiri. Pa chiyankhulo wataya 5 yekha, pa kasanjidwe 4, koma pa mfundo wataya 12.

Tsono tiyeni tibwerere ku funso lenilenilo. Linati alembe lipoti la kudula mitengo m'phiri la Mulanje, afotokoze zimene zikuchititsa, zotsatira zake, ndi zoyenera kuchita kuti mchitidwewu uthe. Funso limeneli lili ndi mbali zitatu, ndipo wochonga amakhala atagawiratu malikisi 20 aja ku mbali zonse zitatu, tinene 7, 7 ndi 6. Mbali imodzi ngakhale uilembe mokoma chotani singatenge malikisi a mbali inzake. Zili ngati munthu wakutuma kumsika kukagula mchere, mafuta ndi tomato, iwe n'kubwerako ndi dengu lodzaza tomato yekhayekha.

Mwana wathuyu masamba awiri ndi theka wawathera pa zotsatira, makamaka namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Wafotokoza madzi akutsika m'phiri ndi miyala, minda itakokoloka, anthu akugona m'makalasi. Kunena zoona pamenepa walemba bwino kwambiri, ndinawerenga mtima uli phaa, chifukwa zinthu zimenezi anaziona ndi maso ake. Apo ndikanamupatsa 6 pa 7. Koma pa zochititsa walemba chiganizo chimodzi chokha, chakuti anthu amadula mitengo chifukwa cha umphawi. Mfundoyo ndi yoona, koma yangotchulidwa, sinatambasulidwe, ndiye imapeza 2 basi. Akanapitiriza kuti ena amawotcha makala n'kukagulitsa m'matauni, ena amacheka matabwa a mkungudza chifukwa ali ndi mtengo wokwera, ena akusowa malo olima chifukwa malo ambiri kuno ndi minda ya tiyi, bwenzi 7 yonse ili yake. Zimenezi amazidziwa, amaziona tsiku ndi tsiku. Nanga pa zoyenera kuchita? Palibe ngakhale mzere umodzi. Nthawi inamuthera ali pa Freddy pomwepo, ndipo malikisi 6 anapita chonchobe. Mukaphatikiza 6 ndi 2, ndi 8 uja.

Pepala la mnzakeyo sindinalione, koma mapepala otero ndimawadziwa. Amakhala ndi ndime zazifupi, iliyonse mfundo imodzi, chifukwa chake ndi chitsanzo chimodzi, kenako n'kupita kwina. Sachititsa chidwi kwenikweni powerenga, koma wochonga amangopeza chilichonse chimene akufuna pamalo pake.

Pa kasanjidwe sindichedwapo. Anafunsidwa lipoti, iye walemba ngati nthano, kuyamba ndi "Tsiku lina kunja kutacha". Lipoti limafuna mutu womveka, lionetse kumene likupita ndi amene walemba, likhale ndi chiyambi chonena nkhani yake, thunthu logawidwa m'ndime, ndi mathero. Tsamba lake lachiwiri lonse ndi ndime imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mathero palibe, chimangirizo changoduka. Theka la malikisi, 4 pa 8, ndi loyenera.

Koma za chiyankhulo izi ndikufuna mumvetse bwino alamu, chifukwa mwati Chichewa chake n'chabwinobwino. Poyankhula inde, ndipo mawu amasankha bwino, miyambi waika iwiri pamalo oyenera. Vuto ndi lakuti akulemba mmene timayankhulira kuno kwathu. Taonani pamzere wachitatu, walemba "siku" m'malo mwa "tsiku". Pansi pake pali "zina la phiri" pamene amafuna "dzina la phiri", kwinaku "khani" m'malo mwa "nkhani", "tchito" m'malo mwa "ntchito". Ife tikamacheza palibe amene angadabwe nazo, koma papepala chilichonse chimadulidwa mzere wofiira. Palinso kudula mawu molakwika: walemba "anthu a ku dula mitengo" pamene "akudula" ndi liwu limodzi. Pena walemba "mitengo zambiri" m'malo mwa "mitengo yambiri". Ndiye pali chiganizo china chayenda mizere isanu ndi umodzi popanda mpumiro, akungolumikiza ndi "ndipo", "ndipo", mpaka wowerenga kuiwala pamene chinayambira.

Apa ndi pamene kutalika kumamupweteka mwana. Ukalemba masamba atatu mothamanga, zolakwika zimachuluka, ndipo nthawi yobwereza kuwerenga sipezeka. Tsamba lake loyamba lili ndi mizere yofiira yochepa, lachitatu ndi lofiira lokhalokha, ngakhale zilembo zayamba kugona. Pepala la mayeso limanena kuchuluka kwa mawu ofunika, ndipo zopitirira pamenepo sizibweretsa malikisi ena.

Za kukondera zija, mtima ukhale pansi. Aphunzitsi awiri akhoza kusiyana ndi malikisi amodzi kapena awiri pa chimangirizo chimodzi, makamaka pa chiyankhulo pamene pamafunika kuyeza ndi maso, koma sangasiyane ndi 10. Komanso mayeso enieni a MSCE amayendetsa ndi a MANEB, ochonga amatsata ndondomeko imodzi imene agwirizana, ndipo amene adzagwire pepala lake sadzakhala womudziwa. Zimene zamuchotsera malikisi pa mokozi n'zomwezo zingadzamuchotsere kumeneko.

Chimene ndikupempha n'chakuti alembenso funso lomweli sabata ino. Asanayambe atenge mphindi zisanu, adule mzere pansi pa mbali zitatu za funso, ndipo pambali pa iliyonse alembe mfundo ziwiri kapena zitatu m'mawu ochepa. Nkhani ya Freddy asaitaye, ndi yabwino, koma aipanikize ikwane ndime imodzi. Asapitirire masamba awiri, ndipo asiye mphindi zisanu zakumapeto zoti awerenge pang'onopang'ono akusaka "siku", "khani" ndi ziganizo zopanda mpumiro. Akangokwaniritsa mbali zitatu zija n'kulemba ngati lipoti, ngakhale chiyankhulo chitakhala pa 7 pomwepo, mfundo zikhoza kufika 15, kasanjidwe 6, ndiye kuti 28.

Akamaliza mujambule bwinobwino poyera, tsamba lililonse palokha, chifukwa chithunzi chachiwiri chija chinali ndi mthunzi m'munsimu. Munditumizire kumbali, osati pagulu pano, angachite manyazi ndi amalume ake. Ndichonga Loweruka ndikabwerako ku Luchenza.