Khonsolo imalandira ndalama zanga, a misewu akuti ndigumule: wolondola ndani?

"Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndili ndi golosale ya njerwa m'mbali mwa msewu wa tala wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Muloza. Ndinamanga mu 2016, malowo atandilozera mkulu wa pamsika, ndipo chaka ndi chaka ndimadula layisensi ku khonsolo. Mwezi watha kunabwera anthu a misewu, anayeza, n'kupaka penti yofiira pakhoma, amvekere ndigumule ndekha. Ku khonsolo akuti si nkhani yawo. Kodi boma si limodzi?"

Mayi, musanapite ku ofesi ina iliyonse, bwerekani tepi kwa mmisiri womanga nyumba. Yezani kuchokera pa mzere wapakati pa tala kukafika pakhoma la golosale yanu. Msewu umenewo ndi M2, uli m'gulu la misewu ikuluikulu ya dziko, ndipo pa misewu yotere mamita 30 mbali iyi ndi mamita 30 mbali inayo, kuyambira pakati, ndi malo a msewu. Ngati khoma lanu lili pa mamita 18 kapena 22, nkhani yanu ndi yolimba. Ngati lili pa 32, ndiye kuti oyezawo ndi amene ali ndi mafunso oti ayankhe.

Boma ndi limodzi pa mbendera, koma pamaso pa malamulo lili ndi manja ambiri, ndipo dzanja lililonse limagwira zokhazo zimene lamulo lalipatsa. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono. Kuchokera pamenepo makhonsolo anapatsidwa misika, malayisensi a malonda, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono ndi misewu ya m'midzi. Maunduna a ku Lilongwe anatsala ndi kukonza mfundo, kuika miyezo ndi kuyendera ntchito. Koma si zonse zinatsika. Misewu ikuluikulu inatsala m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo lakelake la 2006 pansi pa unduna wa zamtengatenga. Ndiye pa malo amodzimodzi pamene mwamangapo pali eni awiri: malonda ndi a khonsolo, nthaka ya m'mbali mwa tala ndi ya msewu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Layisensi imene mumadula imakulolani kugulitsa sopo ndi shuga. Si umboni wakuti malowo ndi anu, komanso si chilolezo chomanga. Chilolezo chomanga n'china, chimachokera ku komiti yoona za mapulani, ndipo komiti yogwira bwino ntchito siyenera kuvomereza nyumba m'malo a msewu. Mkulu wa pamsika uja, ngakhale anali atavala yunifolomu, sakanakupatsani chinthu chimene khonsolo yeniyeniyo ilibe. Makhothi savomereza kuti lonjezo la wogwira ntchito m'boma lipose lamulo la Nyumba ya Malamulo. N'chimodzimodzinso malamulo ang'onoang'ono amene makhansala amapanga: amayenera kuvomerezedwa ndi nduna, ndipo akasemphana ndi lamulo lalikulu amagonja.

Njira yoti mbali ziwirizi zimvane ilipo. Pa boma lililonse pali komiti imene amaitsogolera bwanamkubwa, momwe mumakhala akuluakulu a nthambi zonse monga zaumoyo, zaulimi, zankhalango, zamalo ndi zomangamanga. Bungwe la ku likulu likafuna kugwira ntchito m'dera, mwambo wake ndi wakuti lifotokoze kaye ku komiti imeneyi, uthenga upite ku msonkhano wa makhansala, kenako utsikire ku makomiti a chitukuko a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi. Zikanayenda chonchi, inu mukanamva za kuyezako kwa khansala wanu penti isanafike pakhoma.

Chimene chimasokoneza, m'kuona kwanga, ndi ndalama kuposa umbuli. Khonsolo imadalira thandizo lochokera ku likulu, lomwe kawirikawiri limafika mochedwa ndiponso loperewera, choncho ziphaso za pamsika ndi malayisensi ndiye ndalama yomwe ili nayo m'manja. Makasitomala ali kuti? Ali pa tala, pomwe maminibasi amaima. Wotolera ndalama alibe chifukwa chofunsira kuti khoma lili pa mamita angati. Onjezerani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala n'komwe, ndipo malo ambiri a malonda anakula popanda wowayang'anira. Bwanamkubwa nayenso angathe kuitana a bungwe la misewu kuti akambirane, koma sangawalamule, chifukwa malipoti awo amapita ku likulu lawo. Mawu aja akuti "si nkhani yathu" ali ndi choonadi chake pang'ono, ngakhale kuti akuchokera pakamwa pa amene wakhala akudya ndalama zanu.

Izi sizikutanthauza kuti mungokhala chete. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense amene chiganizo cha ofesi ya boma chikukhudza ufulu wake ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Penti ndi mawu apakamwa si zifukwa zolembedwa. Lembani makalata awiri tsiku limodzi. Yoyamba ipite kwa eni msewu, muwapemphe chidziwitso cholembedwa chonena lamulo limene akugwiritsa ntchito, muyezo umene anapeza ndi tsiku limene akufuna mutachoka. Yachiwiri ipite kwa bwanamkubwa, mufunse ngati khonsolo ikuvomera kuti wantchito wake ndiye anakulozerani malowo, ndiponso kuti ikupatsani malo ena ati. Kalata iliyonse ikhale ndi inzake yotsala kwa inu, yodindidwa chidindo cha tsiku lomwe aiyilandira. Jambulani chizindikiro chofiiracho ndi tepi ili pansi, ndipo sonkhanitsani malisiti onse kuyambira 2016.

Za chipukuta misozi musayembekezere zambiri ngati muli mkati mwa mamita 30. Boma limalipira munthu amene likumulanda malo ake movomerezeka, monga pamene msewu ukukulitsidwa kupyola malire akale, kapena nyumba inalipo malirewo asanaikidwe. Nyumba ya 2016 pa msewu wakale ngati M2 siikwanira pamenepo. Dandaulo lanu lenileni lili kwa khonsolo, yomwe malamulo amailola kusumiridwa m'dzina lake. Koma mphamvu ya dandaulolo yagona pa pepala. Ngati muli ndi kalata yokupatsani malowo kapena pulani yodindidwa, loya ali ndi pogwira. Ngati zonse zinathera pa kuloza ndi chala, chanzeru n'kulimbikira malo ena mumsika, ndipo muchite zimenezi pamodzi ndi anzanu onse opakidwa penti, kudzera kwa khansala, kuti nkhaniyi ilowe m'mabuku a msonkhano wa khonsolo.

Mukapeza kuti muli kunja kwa malire, kapena akukana kukupatsani cholembedwa chilichonse, bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre lingathe kuunika chiganizocho ndi kupereka chiletso choti asagumule kaye. Pempho lotere limayenera kulowa msanga, isanathe miyezi 3 chichitikireni chiganizocho, ndipo mwezi umodzi wapita kale. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau sabata yomwe ino. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo otere kwaulere ndipo ndi yoyenera pa nkhani ya khalidwe la khonsolo, kungoti kukadandaula kumeneko sikuimitsa kugumula, komanso sikuimitsa kuwerenga kwa miyezi itatu ija.