Kope la ngongole lizinena tsiku lolipira

"Ndili ndi kagolosale ku Chilomoni. Anthu amatenga katundu pa ngongole, inenso ndili ndi ngongole kwa amene ndimaodako ndiponso ku banki m'khonde. Zonse ndimalemba m'kope, ndipo ndikawonkhetsa ndimapeza kuti ndalama zimene zili kwa anthu n'zambiri kuposa ngongole zanga, koma tsiku lolipira likafika ndimasowa pogwira. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Mayi, ndikuganiza kuti kope lanu limangonena kuchuluka kwa ndalama, koma silinena tsiku limene ndalamazo zidzafike kapena kutuluka. Lembani mbali ziwiri zosiyana: kumayambiriro kwa kope kukhale anthu amene ali ndi ndalama zanu, aliyense tsamba lake, ndipo kumapeto kukhale amene inu muyenera kuwalipira. Pa ngongole iliyonse pakhale tsiku limene katundu anatengedwa, mtengo wake, ndi tsiku limene mwagwirizana kuti idzabwezedwe. Mawu akuti "kumapeto kwa mwezi" musawalandire. Munthuyo atchule deti, mulembe iye akuona.

Tiyerekeze kuti lero ndi Lamulungu pa 20, mwatseka golosale ndipo mwatsegula kope. Aphunzitsi ena ali ndi K45,000 yanu, adzalipira pa 28 akalandira malipiro. Mayi wogulitsa mandasi anatenga ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira za K12,000, ndipo amalipira Loweruka lililonse. Mnzanu woyandikana naye nyumba ali ndi K18,000, koma patha milungu 7 asanaperekeko kalikonse. Zonse pamodzi ndi K75,000. Kumbali yanu, wokuodetsani katundu akufuna K40,000 Lachinayi pa 24, ndipo ku banki m'khonde muyenera kubweza K22,000 Lachisanu pa 25. Pamodzi ndi K62,000, choncho munthu wongochotsera angaganize kuti ali ndi K13,000 yotsala.

Koma taonani madeti. Lisanafike Lachisanu, palibe ngakhale tambala imodzi ya K75,000 ija imene ikuyembekezeka kulowa, pakuti wa mandasi adzabwera pa 26, aphunzitsi pa 28. Ngati m'kabati ndi mufoni muli K30,000, ndiye kuti mukuperewera K32,000, imene iyenera kuchokera pa malonda a masiku anayi kapena asanu okha. Funso lofunsa Lamulungu lililonse ndi limeneli: sabata ino ndilipira zingati, ndipo zichokera kuti? Mukalidziwa yankho pa 20, mukhoza kupatula K22,000 ya ku banki m'khonde, popeza kumeneko kuchedwa kumabweretsa chindapusa kapena chiwongola dzanja china malinga ndi malamulo a gulu lanu, kenaka n'kuimbira wokuodetsani Lolemba kuti Lachinayi mudzapereka gawo, zotsala pa 28. Wamalonda amamva pempho lofika masiku atatu tsikulo lisanakwane, koma amakwiya ndi lofika katundu wina ali kale pa njinga. Mukalidziwa yankho Lachinayi m'mawa, chotsala n'kuthamangira katapila.

K18,000 ya mnzanu uja ndiyo ifunika kulimba mtima. Ngongole imene yadutsa tsiku lake ndi milungu inayi popanda kuperekako kalikonse ndimalangiza kuti muiike chizindikiro ndi cholembera chofiira, musaiwerengerenso pa ndalama zimene mukuyembekeza, ndipo munthuyo asatengenso katundu kufikira atayamba kubweza. Kutero si kuikhululukira ayi. Mupitirize kukumbutsa, makamaka popempha kuti azipereka pang'onopang'ono, monga K3,000 pa sabata, chifukwa munthu amene K18,000 yamukulira amayamba kudzera njira ina ndi kukagula kwa ena, inu n'kutaya ndalama ndi kasitomala yemwe.

Munthu akalipira gawo la ngongole, musafufute nambala yakale. Lembani mzere watsopano wokhala ndi deti, ndalama zimene wapereka ndi zimene zatsala, kuti mkangano ukabuka mudzathe kuwerenga naye mzere ndi mzere. Chenjeraninso ndi ndalama zobwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, chifukwa nthawi zina munthu amatumiza kudzera pa foni ya mbale wake kapena kwa ejenti, ndipo dzina lotuluka mu uthenga silikhala lake. Lamulungu muziyerekeza mauthenga a sabata yonse ndi kope. Ndalama imene simukudziwa mwini wake muifufuze sabata yomweyo anthu akukumbukira, musanakalonjerere munthu amene analipira kale.

Tsamba lina limene eni magolosale ambiri salitsegula ndi la pakhomo pawo. Shuga, sopo ndi mafuta zimene ana amatenga pa shelefu nazonso ndi ngongole, ndipo zilembedwe pa mtengo wogulitsira. Ngati mwawerenga zonse bwino koma ndalama zooderanso katundu zikucheperabe mwezi ndi mwezi, yambani mwawonkhetsa tsamba limenelo musanakayikire makasitomala anu.