Kalata yopita kwa wojambula zithunzi za chinkhoswe

"Zithunzi za chinkhoswe changa zatuluka, koma pa zovala pali tina tofunika kukonza. Ndimulembere bwanji wojambula kuti asandisinthire zonse?"

Mayi, musalembe mawu akuti "mukonze kuti zioneke bwino", chifukwa wojambula akamva zimenezo amakonza monga momwe iye akuonera, ndipo mungapeze khungu layeretsedwa, chiuno chachepetsedwa, inu musanapemphe. Tchulani nambala ya chithunzi ndi malo enieni pa chovala, ndipo zimene sayenera kuzikhudza muzilembe momveka mofanana ndi zimene mukufuna akonze. Kalatayo ikhoza kukhala yotere:

"Bambo, zikomo chifukwa cha ntchito yomwe munagwira. Pa chithunzi DSC_0412 ndikupempha kuti muchotse thukuta lomwe likuoneka m'khwapa mwa bulauzi, kumanja kwa chithunzi, komanso ulusi womwe ukulendewera pa mpendero wa siketi. Makwinya a pa mkono wa bulauzi muwachepetse, koma a pa siketi ya chitenje muwasiye. Mtundu wa chitenje ukhale womwewo, chifukwa ndi nsalu yomwe tinavala banja lonse. Duku, mikanda ya m'khosi, khungu ndi thupi langa musazisinthe. Munditumizire kaye chithunzi chimodzichi kuti ndichione musanakonze zotsalazo, ndipo ngati pali ndalama yowonjezera mundiuziretu. Zithunzi zosakonzazo muzisunge."

Ndalemba kuti "kumanja kwa chithunzi" mwadala, popeza dzanja lanu lamanja limaoneka kumanzere kwa munthu amene akuyang'ana chithunzicho, ndipo apa ndi pomwe anthu amasemphana.

Nkhani ya makwinya ndi yomwe ndikufuna muimvetsetse. Pa nsalu yopanda maluwa, wojambula amatenga kachigawo kosalala kapafupi n'kuphimbira khwinyalo, ndipo sipaoneka kanthu. Pa chitenje sizitheka mosavuta, chifukwa khwinya limapinda duwa n'kubisa mbali yake ina, ndiye akaphimba, duwalo limaduka pakati kapena tsamba limodzi limabwerezedwa kawiri moyandikana. Kwa ine, khwinya la pomwe munakhala pampando n'labwino kuposa chitenje chofufutika.

Chithunzi choyesera chikabwera, chikulitseni pa foni n'kutsatira maluwa a siketi kuti muone ngati akulumikizana. Yang'ananinso kumbuyo kwanu: ngati mizere ya njerwa kapena mphuthu ya chitseko yapindika pafupi ndi chiuno, dziwani kuti thupi lachepetsedwa. Mtundu wa nsalu muuyerekeze ndi chithunzi cha gulu chomwe muli ndi abale, chifukwa siketi yanu ikawala yokha, zimaoneka ngati simunavale nsalu imodzi.

Pamodzi ndi kalatayo, tumizani kope la chithunzi lomwe mwazunguliza malo ofunika kukonza. Popeza WhatsApp imafinya zithunzi n'kubisa tinthu ting'onoting'ono ngati ulusi, mupempheni kuti chokonzedwacho atumize ngati Document.