Chikwangwani cha pachigayo chizilamula, chisamapemphe

Funso: Ndine kapitawo pa chigayo china ku Linthipe, m'boma la Dedza. Chikwangwani chomwe chinabwera ndi makina n'cha Chingerezi, ndiye ndachimasulira motere: "Chenjezo: antchito akupemphedwa kuti asamatsegule chivindikiro cha lamba makina asanazimitsidwe." Kodi zili bwino?

Yankho: Bambo, Chichewa chanucho n'cholondola, koma sichingapulumutse zala za munthu. Mnyamata amene wathamangira kuchigayo chifukwa lamba wayamba kulira alibe nthawi yowerenga chiganizo cha mawu asanu ndi anayi. Komanso mawu oti "akupemphedwa" ndi a m'kalata. Wopemphedwa amatha kukana. Ulemu musaudere nkhawa, uli kale mu "-ni" wa "zimitsani" ndi "mu-" wa "musagwire", kotero ngakhale "chonde" safunika.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi "asanazimitsidwe". Ntchito yoyamba, yozimitsa, mwaiika kumapeto, ndipo simunanene woizimitsa. Ndiponso kachidutswa ka "-sana-" n'koopsa pa chikwangwani. Taonani "musatsegule" ndi "musanatsegule": kusiyana kwake ndi "na" yekha, koma loyamba likuletsa pomwe lachiwiri likulola kutsegula, lingonena nthawi yake. Pa khoma lomwe layera ndi ufa, munthu akuwerengera patali, "na" ameneyu amasowa mosavuta. Ine ndimaupewa mneni wotereyu pa zikwangwani, ndipo ndimandanditsa ntchito monga momwe manja adzazigwirire:

NGOZI! LAMBA AMADULA ZALA
Zimitsani makina.
Dikirani lamba aime.
Kenako tsegulani chivindikiro.

Mzere wodikirawo ndauwonjezera dala. Kuzima kwa injini si kuima kwa lamba, pakuti amapitiriza kuzungulira kwa kanthawi, ndipo wowerenga "zimitsani" yekha amaganiza kuti wamaliza. Koma musanaonjezere mzere ngati umenewu, funsani makaniko wanu atsimikize.

Ndaika "Ngozi" m'malo mwa "Chenjezo" chifukwa mawu awiriwa salemera mofanana. "Chenjezo" asiyireni malo ngati pansi poterera. Pomwe munthu angafe kapena kulumala, lembani "Ngozi" ndipo mutchule chomwe chingachitike. Mukalemba "Chenjezo" pa khoma lililonse, anthu amazolowera n'kuleka kuona.

Ngati chigayo chanu n'cha magetsi, samalani ndi mawu oti "moto". Tonse timati "waya uyu ali ndi moto", koma "zimitsani moto" wina amva za moto wa nkhuni. Lembani "zimitsani magetsi pa switchi yaikulu".

Mukalemba, itanani wantchito watsopano, makamaka amene amawerenga movutikira. Musamufunse kuti "wamva?", chifukwa kwa kapitawo aliyense amayankha kuti eya. Makina ali ozima, muuzeni awerenge n'kukusonyezani ndi manja zomwe angachite. Akayamba ndi kugwira chivindikiro, chikwangwanicho chilembedwenso.