Musanakagogode kwa amalume kukapempha mpamba

"Zikomo amayi. Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Chinsapo. Ndikufuna kuyamba kuweta nkhuku za nyama ndipo ndikuganiza zokabwereka K800,000 kwa amalume anga. Ndalama ali nazo, koma ndikuopa. Nkhaniyi ndikaiyambe bwanji, nanga za kabwezedwe ndikanene chiyani kuti tisadzadane?"

Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa yandikumbutsa zomwe zinachitika pakati pa ine ndi achimwene anga. Tinatha miyezi inayi osayankhulana, anthu obadwa bere limodzi, chifukwa cha nkhuku.

Munali mu Seputembala 2023. Achimwene amagwira ntchito ku Joni, ndipo tsiku lina usiku tikucheza pa foni ndinawauza kuti ndatopa ndi kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndikufuna kuweta nkhuku. Iwo anangoti, "Ukufuna zingati?" Ndinatchula, iwo n'kuti, "Chabwino, udzabweza zikayenda." Nkhani yonse inathera pomwepo, sinatenge ngakhale mphindi zisanu. Patatha masiku atatu anatumiza R8,000, ine kuno ndinalandira pafupifupi K500,000. Ndinasangalala kuti sanandifunse mafunso ambiri. Lero ndimaona kuti vuto lonse linayambira pa kusafunsanako.

Ndalamayo ndinagulira anapiye 100, matumba 8 a chakudya a makilogalamu 50, makala otenthetsera khola masabata awiri oyamba, katemera wa chitopa ndi gumboro, utuchi, ndi zomwera. Inatha yonse, osatsala olo ya mchere. Ndinkadzuka 2 koloko usiku ndi tochi kukaona ngati mbaula ikadali ndi moto, chifukwa anapiye akamva kuzizira amaunjikana pakona n'kupondana. Asanu ndi atatu anafa. Zotsala 92 ndinayamba kugulitsa zitakwana masabata 6, pa K6,500 imodzi. Zonse pamodzi K598,000. Ndiye kuti thukuta la miyezi iwiri linandipatsa phindu la K98,000.

Taonani bwino nambala imeneyi, chifukwa ndi imene anthu ambiri saiwerenga akamapita kukabwereka. M'manja munali K598,000, inde, koma K500,000 mwa imeneyo si yanga ndipo si ya achimwene panthawiyo, ndi ya anapiye otsatira. Ndikanabweza yonse tsiku lomwelo, khola likanatsala lopanda kanthu, bizinesi n'kufera pa gulu loyamba. Ngongole ya bizinesi imabwezedwa kuchokera pa phindu, osati pa mpamba. Munthu akakuuzani kuti "ndibweza pakatha miyezi itatu" pamene phindu lake ndi K98,000 pa miyezi iwiri, mwina sanawerengere, apo ayi akudziwa kale kuti adzagulitsa bizinesiyo kuti abweze.

Kenaka mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mitengo ya chakudya cha nkhuku inakwera nkhuku zanga zisanathe n'komwe kugulidwa. Ndalama yomwe inagula matumba 8 mu Seputembala sinathenso kugula matumba 8. Gulu lachiwiri ndinalichepetsa, ndinatenga anapiye 70.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi. Titatha kudya, anandiitanira kuseri kwa nyumba ya amayi, pansi pa mtengo wa mango, n'kundiuza kuti mu Januwale akufuna ndalama yawo chifukwa pali fizi ya ana. Ndinati ndikhoza kupeza K100,000 kaye. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Pa R8,000?" Apo m'pamene ndinazindikira kuti ine m'mutu mwanga ndinali ndi ngongole ya K500,000, iwo m'mutu mwawo anali ndi R8,000, yomwe tsopano inali pafupifupi K720,000. Palibe amene ankanama. Iwo anatulutsa ma randi m'thumba mwawo, ine ndinalandira makwacha m'manja mwanga. Mawu akuti "zikayenda" kwa iwo ankatanthauza nkhuku zoyamba zikagulidwa, kwa ine ankatanthauza bizinesi ikaima payokha.

Tinakangana mpaka amayi anatuluka m'khitchini akulira. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti alamu anga, akazi awo, anamva za ndalamayi tsiku lomwelo. Achimwene anatumiza osawauza. Ndiye ine ndinaoneka ngati mlongo wodyera mchimwene wake mobisa, ndipo m'banja mwawo munalowa mkangano womwe ine sindinaufune. Kuyambira pamenepo ndinaikira mtima pa mfundo imodzi ndipo sindisintha: ndalama ya m'bale wapabanja musailandire mkazi wake kapena mwamuna wake asakudziwa. Amalume anu akadzati "azakhali ako asamve," muthokoze, muisiye ndalamayo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno amalume ndi mwini mbumba, ana a mlongo wawo ndi udindo wawo, ndipo ena amaona kuti kuthandiza mbumba sikufunika chilolezo cha mkazi. Koma ndalama ikachedwa kubwerera, amene amagona ndi njala yake ndi a m'nyumbamo, ndipo dzina lomwe limatchulidwa usiku ndi lanu.

Pali china chomwe chimandikwiyitsa. Tikamapita kwa a katapila timanyamula chikole, timasaina, timabweza pa tsiku lake ndi chiwongoladzanja choboola m'mimba. Ku banki mkhonde tikachedwa sabata imodzi timalipira chindapusa osadandaula, chifukwa amayi a m'gulumo satimvera chisoni. Koma m'bale amene watipatsa popanda chikole ndi amene timamuika kumapeto kwa mzere, n'kumati "ndi wathu yemwe, amvetsa." Foni yake timasiya kuyankha. Pa maliro timakhala mbali ina. Timanena kuti chibale ndi fupa sichiwola, koma ine ndaona mabanja awiri m'mudzi mwathu omwe sadyerana chifukwa cha ndalama yomwe palibe anailemba paliponse. Amene amati kulemba pepala ndi m'bale n'kusakhulupirirana, ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Pepala limakumbuka zomwe anthu awiri okondana adzaiwale mosiyana.

Ife anatiyanjanitsa ndi amalume athu, mu Epulo. Anatiika pa foni tonse, iwo ali ndi kope pamwendo. Anafunsa funso lomwe tikanafunsana poyamba: ndalamayi inali mphatso, ngongole, kapena achimwene analowa nawo mu bizinesi? Tonse tinati ngongole. Anagamula kuti kugwa kwa kwacha tigawane, ndibweze K600,000, pa K60,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 10. Analemba, anajambula pepalalo, n'kutumiza kwa ine, kwa achimwene ndi kwa alamu. Miyezi iwiri inandivuta ndipo ndinatapa pa malipiro anga, koma ndinamaliza. Nkhuku ndikuwetabe.

Popita kwa amalume

Musaiyambitse pa ukwati, pa maliro kapena pa meseji. Imbani foni munene kuti, "Amalume, ndili ndi nkhani ya bizinesi yomwe ndikufuna mundiunikire, ndingabwere liti pamene inu ndi azakhali muli pakhomo?" Akhale akudziwa kuti mukubwera ndi nkhani ya ndalama, asadzidzimuke.

Musanapite, yendani nokha m'masitolo a zakudya za ziweto, mulembe mtengo wa mwanapiye, wa thumba la sitata, la golowa ndi la finisha, ndi tsiku lomwe mwafunsa. Mitengo yanga ya 2023 musaigwiritse ntchito, inapita kale. Nkhuku 100 zimadya matumba 7 kapena 8 pofika masabata 6, choncho muone ngati K800,000 ikukwana nkhuku 100 kapena zochepera. Muwerengere kuti zina zidzafa, ndipo muike padera ndalama ya thumba limodzi lowonjezera, chifukwa nkhuku zikakula sizigulidwa tsiku limodzi ndipo zotsalazo zimadyabe. Mudziwenso ogula anu ndi mayina: wokazinga tchipisi uyu akuti azitenga zisanu pa sabata, lesitilanti iyi khumi. Amalume akafunsa kuti "ugulitsa kuti?" yankho lakuti "anthu amagula" limatseka thumba lawo nthawi yomweyo. Ndipo muonetse chomwe inu mwaikapo, kaya ndi khola lomwe mwamanga kale, kaya K100,000 ya ku chipeleganyu. Munthu amamasuka kuthira pomwe mwini wake wathira kale.

Za kabwezedwe muzitchule inuyo, musadikire kuti akufunseni. Tiyerekeze kuti mwawerengera bwino ndipo phindu la gulu limodzi ndi K150,000. Gulu limatenga pafupifupi miyezi iwiri mukaphatikiza kugulitsa ndi kutsuka khola kuti lipume. Mukamapereka K100,000 pa gulu lililonse n'kusunga K50,000 yolimbana ndi kukwera kwa mitengo, K800,000 idzatha pa magulu 8, miyezi 16. Ndi nthawi yaitali, ndipo pakamwa padzafuna kunena miyezi 6 kuti amalume asangalale. Nenani 16. Akati sangadikire chotero, pemphani theka muyambe ndi nkhuku zochepa.

Pa pepalalo palembedwe kuti ndi ngongole, ndalama zingati, ndipo ya makwacha kapena ya dziko lina. Palembedwe tsiku loyamba kubweza, lomwe likhale gulu loyamba litagulidwa, ndi masiku ena onse. Muwauze nokha kuti mudzaonjezera kangachepe pamwamba, mwina K80,000, poti ndalama yawo idzakhala itachepa mphamvu pofika mwezi wa 16. Akakana, akane okha. Kenaka chiganizo chomwe aliyense amachithawa: chitopa chikalowa m'khola nkhuku n'kutha, ngongole ikhalapobe, ndipo mudzabweza zingati pa mwezi, kuchokera kuti. Ngati mulibe yankho pamenepa, simunakonzeke kubwereka.

Musaine nonse awiri, azakhali asaine ngati mboni, ndi munthu mmodzi wa mbali ya amayi anu. Aliyense ajambule pepalalo pa foni. Pobweza muzitumiza pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuti umboni uzitsala, osati kupatsira mwana wopita komweko. Mukaona kuti gulu ili lachedwa kugulidwa, imbani foni sabata imodzi tsiku lisanakwane, munene zomwe muli nazo ndi tsiku lomwe mudzamalize zotsalazo.

Akakuuzani kuti aganize kaye, apatseni pepala la mawerengero lija atsale nalo, ndipo mufunse tsiku lomwe mungadzabwerenso kudzamva yankho.