Batire lotupa lomatidwa mu laputopu: lichoka bwanji?

"Bambo, ndili ku Mangochi. Laputopu yanga yatukumuka kunsi, ndipo poyendetsa chala paja patukuka. Nditatsekula ndapeza batire latupa, koma analimata ndi guluu. Kodi ndilikanganule ndi sikuludiraiva?"

Achimwene, sikuludiraivayo ibwezereni m'bokosi. Chimene chatupitsa batirelo ndi mpweya umene umapangika mkati likakalamba kapena likamatenthedwa, ndipo kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala nonse mukukudziwa. Mkati mwake muli timapepala topyapyala tolekanitsa mbali ziwiri za magetsi. Mukaliboola kapena kulipinda, mbalizo zimakhudzana, moto n'kubuka. Ndiye nkhondo yanu ikhale ndi guluu, batirelo musalimbane nalo.

Lekani kutchaja lero lomwe. Isiyeni laputopuyo izigwira ntchito mpaka moto wa m'batire utsike pansi pa 25 peresenti, inu muli pomwepo, chifukwa batire lopanda moto wambiri silichita ukali likabooka. Kagwirireni ntchitoyi pakhonde la simenti, pamthunzi, mutavala magalasi ndi magolovesi, ndowa ya chitsulo ya mchenga wouma ili pambali. Poyamba zulani kachingwe kolumikiza batire ku bolodi, thabwa lija lokhala ndi tizipangizo ta magetsi, ndi chikhadabo kapena kapulasitiki.

Suzumirani m'mbali mwa batire. Ena amakhala ndi timichira ta guluu wotamuka. Ngati tilipo, kokani kamodzikamodzi, chogoneka, pang'onopang'ono ndithu. Mukafulumira kamaduka.

Ngati palibe, pezani sipiriti wa aisopuropilo wa 90 peresenti kapena kuposa. Wofiirira wa m'sitolo uja amasiya utoto, ndipo mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo amadya pulasitiki. Pendeketsani laputopu kuti bolodi ikhale kumtunda, donthezani madontho ochepa m'mphepete mwa batire, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti alowe pansi. Kenako lowetsani khadi lakale la ku banki, litagona, likukhula chigoba osati batire. Likalimba, musakankhe. Onjezani madontho, dikiraninso. Pamene khadi silifika, ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba umathandiza: uzungulitseni kunsi kwa batire, muzikoka uku ndi uku ngati mukucheka ndi sowo. Samalani, pa malaputopu ena pansi pa batire pamadutsa tizingwe topyapyala.

Mudzamva ena akuti litenthetseni ndi choumitsira tsitsi kapena muliyanike padzuwa kuti guluu afewe. Pa batire lotupa, ayi.

Mukamva fungo lotsekemera la mankhwala, kaphokoso kakuti psii, kapena batire likayamba kutentha, lekani pomwepo. Likafuka, musaligwire ndi manja. Likwirireni mchenga ngati mungathe, muime kumene mphepo ikuchokera, chifukwa utsiwo ndi wapoizoni.

Likachoka, matani tepi ya magetsi pa kachingwe kake, muliike m'chitini cha mchenga kutali ndi denga la udzu. Kudzala kumene mumatentha zinyalala lisapiteko, m'nyanja kapena mu Shire ayinso. Funsani okonza makompyuta ngati amalandira mabatire akufa. Musanaike latsopano, pukutani guluu wotsala ndipo mudikire sipiriti aume.